Namondwe wa masaitokaini: chitetezo cha m'thupi chikapitirira muyeso

Mu Juni 2020 ofufuza a ku Britain analengeza kuti apeza mankhwala oyamba otsimikizika ochepetsa imfa pakati pa odwala Kovidi-19 mwakayakaya. Mankhwalawo sanali opha kachilombo. Anali dekisametasoni, mankhwala akale ndithu, amene ntchito yake ndi kufooketsa chitetezo cha m'thupi. Apa m'pamene anthu ambiri mitu inaima. Tonse tinazolowera kumva kuti wodwala amafunika chitetezo champhamvu, ndiye zingatheke bwanji kupulumutsa munthu pomutsitsira chitetezo chomwecho? Nanga n'chifukwa chiyani madokotala ankawakaniza mankhwala omwewo anthu odwala pang'ono?

Mayankho a mafunso awiriwa ali m'mawu amene anamveka kwambiri nthawi imeneyo: namondwe wa masaitokaini. Mawuwa amatanthauza vuto limene chitetezo chimalimbana ndi kachilombo mopyola malire, mpaka chimene chikuwononga mapapo, impso ndi mitsempha ya magazi n'kukhala nkhondoyo, osati kachilombo kokha. Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe ndi saitokaini yeniyeniyo.

Saitokaini n'chiyani

Maselo a chitetezo ali ponseponse: m'magazi, m'mapapo, pakhungu, m'matumbo. Kuti agwire ntchito limodzi amafunika kuuzana zimene zikuchitika. Amatero potulutsa timapuloteni ting'onoting'ono timene timakamatirira pa selo lina n'kuliuza chochita: bwera kuno, chulukana, ukira, kapena leka. Timapuloteni timeneti ndiwo masaitokaini. Iwo samenya nkhondo. Ndi mfuu chabe, ngati ya munthu amene waona moto, ndipo mphamvu yawo ili pa zimene omva mfuuwo amachita.

Imodzi mwa zoyambirira kudziwika inapezeka mu 1957 ku London, pamene Alick Isaacs ndi Jean Lindenmann anaona kuti maselo ogwidwa ndi vairasi ya chimfine amatulutsa chinachake choteteza maselo oyandikana nawo. Anachitcha intafeloni. Dzina loti saitokaini linabwera mu 1974, ndipo lero odziwika alipo ochuluka. Pa nkhani yathuyi ochepa okha ndiwo tiwagwiritse. Intafeloni ndi chenjezo loyambirira, limene limauza maselo kuti atseke njira zimene kachilombo kamachulukanira. IL-1 ndi mnzake TNF amakweza kutentha kwa thupi ndi kumasula makoma a mitsempha ya magazi kuti maselo a chitetezo atulukire pamalo a nkhondo. IL-6, imene gulu la Tadamitsu Kishimoto ku Japan linailongosola mu 1986, imafalitsa uthengawo thupi lonse mpaka kuchiwindi.

Aliyense anawamvapo masaitokaini m'thupi mwake. Kutentha thupi, kuphwanya m'mafupa, kusowa chilakolako cha chakudya ndi kufooka pa nthawi ya chimfine, kwakukulu ndi ntchito yawo. Ndipo amagwira ntchitoyi ali ochepa modabwitsa. Amayezedwa m'mapikogalamu, ndipo pikogalamu imodzi ndi galamu yogawidwa ka thiriliyoni. Munthu wabwinobwino amakhala ndi mapikogalamu owerengeka chabe a IL-6 pa mililita imodzi ya magazi.

Mfuu ikakana kutha

Chitetezo chabwino chili ndi poyambira ndi polekezera. Kachilombo kakalowa, maselo odya tizilombo, otchedwa makirofeji, amatulutsa masaitokaini oitana. Patapita masiku angapo amafika maselo akupha, amene amafunafuna selo lililonse logwidwa ndi kachilombo, n'kuliboola ndi puloteni yotchedwa pefolini, n'kulipha. Maselo ogwidwa akatha, chifukwa cha mfuu chimatha. Masaitokaini ena otonthoza, monga IL-10, amakwera, ndipo zonse zimabwerera mwakale.

Namondwe amayamba pamene polekezera pasowa. Makirofeji amadzutsa maselo akupha, maselo akuphawo amatulutsa masaitokaini odzutsanso makirofeji. Maselo a m'mapapo amene afa pankhondoyo amataya zamkati mwawo, ndipo chitetezo chimaziwerenga ngati chizindikiro cha ngozi yatsopano, n'kuitananso ena. Zili ngati maikolofoni imene yayandikira sipika yake. Kamawu kochepa kalowa, sipika yakakweza, maikolofoni yakamvanso, mpaka chiphokoso chogonthetsa m'kutu. Zikafika apo, ngakhale wolankhula atakhala chete phokoso silileka. Mofananamo, kachilombo kangathe kukhala katachepa kale m'thupi koma kutupa kukukulirakulira.

Mawu oti namondwe sanayambire pa mavairasi. Analembedwa koyamba mu 1993 ndi James Ferrara ndi anzake pofotokoza zimene zimachitika munthu akaikidwa mafuta a m'mafupa a munthu wina, maselo achilendowo n'kuukira thupi la wolandira. Umboni woonekeratu wakuti masaitokaini paokha angagwetse munthu unapezeka mu Malichi 2006 ku London. Amuna asanu ndi mmodzi athanzi labwino analandira mankhwala oyesera otchedwa TGN1412, amene anadzutsa maselo awo ambirimbiri a chitetezo nthawi imodzi. Pasanathe maola awiri anayamba kudwala, ndipo lisanathe tsiku ziwalo zawo zinayamba kulephera. Onse anapulumuka atasamalidwa m'chipinda cha odwala mwakayakaya. M'thupi mwawo munalibe kachilombo kalikonse.

Palinso matenda osowa otchedwa HLH amene amaonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Ana ena amabadwa pefolini yawo ili yosagwira ntchito. Vairasi wamba, monga ya Epstein-Barr, ikawalowa, maselo akupha amagwira selo lodwala koma osatha kuliboola, ndiye amangokhalira kuitana. Taonani kuti pamenepa namondwe wabwera chifukwa mbali ina ya chitetezo ndi yofooka. Choncho kunena kuti namondwe amagwira anthu a chitetezo champhamvu n'kufupikitsa nkhani mosokeretsa. Nthawi zambiri vuto ndi chitetezo chosalongosoka, chofooka pomaliza ntchito koma chaphokoso poitana.

Zimene zimachitika m'mapapo ndi m'mitsempha

Mapapo ali ndi timatumba ta mpweya mamiliyoni mazana angapo. Kathumba kalikonse kakutidwa ndi timitsempha ta magazi, ndipo khoma lolekanitsa mpweya ndi magazi ndi lopyapyala kwambiri, losafika gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Kupyapyala kumeneku ndiko kumalola okosijeni kuwoloka msanga. Ndikonso kumachititsa mapapo kukhala osachedwa kuvulala.

Mkati mwa mtsempha uliwonse muli maselo oyalana ngati matailosi, ogwirana m'mbali. TNF ndi IL-1 zimamasula mogwirana mwawo. Pachilonda chaching'ono zimenezi n'zothandiza, ndipo kutupa kumene timaona m'mbali mwa chilonda n'komweko. Koma zikachitika m'mapapo monse, madzi a m'magazi pamodzi ndi mapuloteni ake amadontha n'kudzaza timatumba tija. Kenako amalowa manyutirofilo, maselo oyera amene amapha tizilombo ndi mankhwala owotcha osasankha mdani kapena mwini nyumba. Maselo opanga timafuta timene timaletsa kathumba kufota amafa, ndipo timatumba timamatirirana. Magazi amadutsabe m'mapapo, koma amatuluka osanyamula okosijeni wokwanira. Madokotala amalitcha vutoli ARDS, ndipo linalongosoledwa koyamba mu 1967. Pachithunzi cha pachifuwa, mapapo amene amayenera kuoneka akuda chifukwa cha mpweya amaoneka oyera mbali zonse ziwiri.

Mitsempha ya thupi lonse imakumana ndi zomwezo. Imatanuka, imadontha, ndipo mphamvu ya kayendedwe ka magazi imatsika. Wodwala amatupa miyendo ndi manja pamene m'mitsempha mwake madzi akuperewera. Khoma la mtsempha lovulala limayambitsanso kuundana kwa magazi, ndiye timibulu timatseka timitsempha ta m'mapapo ndi mu impso, ndipo nthawi zina chibulu chachikulu chimachoka m'mwendo n'kukatseka mtsempha wa m'mapapo. Impso zikalandira magazi ochepa, mkodzo umachepa. Ubongo ukalandira okosijeni wochepa, munthu amasokonezeka. Ichi n'chifukwa chake matenda amene anayambira m'mphuno amatha kukathera pa impso.

Wodwala mmodzi, tsiku ndi tsiku

Tiyerekeze mwamuna wa zaka 58, wamtali masentimita 175, wolemera makilogalamu 80, wa matenda a shuga, amene wagwidwa ndi Kovidi-19 wamtundu wa m'chaka choyamba cha mliri, katemera asanabwere. Manambala ake ndi ongoyerekeza, koma ndi amene amaoneka kawirikawiri pa odwala otere.

Masiku asanu oyambirira akutentha thupi, akutsokomola, wafooka. Kachipangizo kopana chala kakuonetsa okosijeni 97 pa 100, ndipo akupuma ka 18 pa mphindi. Ino ndi nthawi imene kachilombo kali kochuluka kwambiri, pakuti kamafika pachimake pa nthawi imene zizindikiro zikuyamba. Chitetezo chake chikugwira ntchito yoyenera. Mankhwala amene angamuthandize pano ndi oletsa kachilombo kuchulukana. Kumupatsa dekisametasoni lero kuli ngati kuzimitsa belu moto ukadali kuyaka.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi akumva bwinoko, ndipo apa m'pamene pamapusitsa. Tsiku lachisanu ndi chitatu akuchita befu pongopita kubafa. Akupuma ka 28 pa mphindi, okosijeni watsika kufika 89. Odwala ena pa muyeso umenewu amakhala akucheza bwinobwino, osadandaula, choncho kachipangizo kapachala n'kodalirika kuposa kufunsa munthu mmene akumvera. Akamuyezanso m'mphuno, kachilombo mwina n'kukhala katachepa poyerekeza ndi sabata yoyamba, koma munthuyo akudwala kwambiri kuposa kale.

Magazi ake akufotokoza nkhani yonse. Zipatala zambiri siziyeza masaitokaini enieniwo, zimayeza mapazi ake. Chiwindi chikamva IL-6 chimapanga puloteni yotchedwa CRP, imene kwa munthu wabwinobwino imakhala yosafika mamiligalamu 5 pa lita. Ya wodwala wathu ili pa 140. Feritini, puloteni yosunga ayironi imene imakwera makirofeji akatekeseka, ili pa 1,400, pomwe kwa mwamuna siyenera kupitirira mazana atatu kapena anayi. D-dimer, imene ndi zotsalira za magazi oundana, yakwera. Chodabwitsa n'chakuti malimfosaiti, gulu limene muli maselo akupha aja, atsika kufika 600 pa maikololita, pomwe amayenera kupitirira 1,000. Phokoso lachuluka, omaliza nkhondo achepa.

Palibe nambala imodzi mwa izi imene payokha ingatsimikize namondwe. CRP imakweranso pa chibayo cha mabakiteriya, ndipo feritini imakweranso chiwindi chikavulala. Dokotala amayang'ana zinthu zitatu pamodzi: tsiku la matenda, kufunika kwa okosijeni kumene kukukwera, ndi njira imene manambala alowera poyerekeza dzulo ndi lero. Asanatsitse chitetezo amafufuzanso ngati palibe mabakiteriya alowererapo.

Chithandizo chimayamba ndi okosijeni. Kenako dekisametasoni, mamiligalamu 6 kamodzi patsiku kwa masiku osapitirira khumi, ndi jakisoni wa hepalini woletsa magazi kuundana. Amamugoneka chafufumimba kwa maola angapo, chifukwa mbali yaikulu ya mapapo ili kumsana ndipo imatseguka bwino akagona chotero. Mawa lake okosijeni wofunika wawonjezeka ndipo CRP ikadali pamwamba. Apa amawonjezera tosilizumabu, mankhwala amene amatseka malo amene IL-6 imamatirirapo pa selo. Muyeso wake ndi mamiligalamu 8 pa kilogalamu, ndiye kwa iyeyu ndi 640, kudzera m'diripi kwa ola limodzi.

Akafika pofuna makina othandiza kupuma, pali msampha wina. Mapapo otupa ali ngati baluni imene theka lake lamatirirana, ndipo kuipopa mpweya wa baluni yathunthu kumang'amba mbali yotsalayo, kung'ambikako n'kutulutsanso masaitokaini ena. Choncho makina amatcheredwa pa mamililita 6 pa kilogalamu, ndipo kilogalamuyo amaiwerengera pa kutalika kwa munthu, osati pa sikelo, chifukwa kunenepa sikukulitsa mapapo. Kwa mwamuna wa masentimita 175 zimenezi ndi pafupifupi mamililita 420 pa kupuma kumodzi. Kafukufuku wa mu 2000 anaonetsa kuti kupopa pang'ono chotere kunatsitsa imfa za odwala ARDS kuchoka pa 40 kufika pa 31 pa 100 alionse.

Mankhwala omwewo, zotsatira zosiyana

Manambala a kafukufuku wa ku Britain uja, wotchedwa RECOVERY, ndiwo amayankha funso lathu lachiwiri lija. Odwala oposa 2,000 analandira dekisametasoni ndipo oposa 4,000 sanalandire. Pakati pa amene anali pa makina othandiza kupuma, omwalira anatsika kuchoka pa 41 kufika pa 29 pa 100 alionse. Kwa amene ankangolandira okosijeni, anatsika kuchoka pa 26 kufika pa 23. Koma kwa amene sankafunika okosijeni phindu panalibe, ndipo manambala anapendekera kolakwika: pafupifupi 18 pa 100 mwa olandira anamwalira, poyerekeza ndi 14 mwa osalandira. Mankhwala ndi amodzi, muyeso ndi umodzi. Chosiyana ndi siteji ya matenda.

Tosilizumabu anayesedwa pa odwala oposa 4,000 amene okosijeni wawo anali wotsika ndipo CRP ili pa 75 kapena kupitirira. Imfa zinatsika kuchoka pa 35 kufika pa 31 pa 100, ndipo ambiri mwa odwalawo anali kale pa masiteroidi, gulu la mankhwala limene muli dekisametasoni. Phindu ndi lenileni, koma tivomereze kuti ndi laling'ono. Bungwe loona za umoyo padziko lonse linavomereza mankhwala a mtunduwu mu Julayi 2021, ndipo mu Januwale 2022 linawonjezera barisitinibu, amene amadula uthenga wa masaitokaini angapo mkati mwa selo.

Kutsitsa chitetezo kuli ndi mtengo wake. Wodwala wathu uja shuga wake adzakwera chifukwa cha dekisametasoni, ndipo afunika kuyezedwa kangapo patsiku, mwinanso kupatsidwa insulini. Matenda obisala m'thupi, monga chifuwa chachikulu, vairasi ya chiwindi ya mtundu wa B kapena njoka zina za m'matumbo, amatha kudzuka. Ku India mu 2021 anthu masauzande ambiri anagwidwa ndi nkhungu yoopsa yolowa m'mphuno ndi m'maso, makamaka a shuga amene analandira masiteroidi. Tosilizumabu ali ndi kachinyengo kakekake. Popeza IL-6 ndiyo imalamula CRP ndiponso imathandiza kukweza kutentha thupi, zonse ziwiri zimagwa mankhwalawa akangoperekedwa, kaya wodwala akuchira kaya ayi. Ngati pa tsiku la 14 mabakiteriya alowa m'magazi, thupi silingatenthe ndipo CRP ingaoneke yabwino. Dokotala amayenera kuyang'ana zina: kugunda kwa mtima, kutsika kwa mphamvu ya magazi, kusintha kwa makhololo, ndi kutumiza magazi kukafufuzidwa tizilombo. Komanso wina akayeza IL-6 pambuyo pa mankhwalawa adzaipeza itakwera, chifukwa yasowa pomatirira ndipo yangoyandama m'magazi. Kukwera kumeneko sikutanthauza kuti zinthu zaipa.

Zimene akatswiri sanagwirizanebe

Funso loyamba ndi la dzina lenilenilo. Chakumapeto kwa 2020 ofufuza anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri n'kuyerekeza IL-6 m'magazi a odwala osiyanasiyana. Pa Kovidi-19 woopsa, muyeso wapakati unali mapikogalamu pafupifupi 37 pa mililita. Pa ARDS ya zifukwa zina unali pafupifupi 460, pa matenda a tizilombo tofalikira m'magazi pafupifupi 980, ndipo pa namondwe wobwera ndi chithandizo china cha khansa unapitirira 3,000. Ena amati manambalawa akusonyeza kuti mawu oti namondwe anakokomeza, ndipo vuto lalikulu ndi kuvulala kwa mitsempha ndi kulephera kuchotsa kachilombo. Ena amayankha kuti magazi a pamkono sanena zimene zikuchitika m'mapapo, ndipo mankhwala otsitsa kutupa anapulumutsadi anthu. Mpaka pano palibe tanthauzo limodzi logwirizanidwa, kapena muyeso umene tingati apa kutupa kothandiza kwatha, namondwe wayamba. Matenda a HLH ali ndi mfundo zake zowazindikirira, zisanu mwa zisanu ndi zitatu, koma odwala mavairasi ambiri oopsa sazikwanitsa.

Lachiwiri ndi lakuti ndani agwidwe. Ukalamba, shuga ndi kunenepa kwambiri zimawonjezera chiopsezo, koma sizifotokoza zonse. Mu 2020 kunapezeka kuti pafupifupi mmodzi mwa odwala khumi a Kovidi-19 woika moyo pachiswe anali ndi asilikali a m'magazi olimbana ndi intafeloni yawo yomwe, ndipo ambiri anali amuna. Chenjezo loyambirira likatsekedwa chotero, kachilombo kamachulukana mosaletseka, ndipo chitetezo chimadzuka mochedwa chitapeza mdani wochuluka. Izi zikufotokoza mmodzi pa khumi. Za asanu ndi anayi otsalawo zikufufuzidwabe.

Lachitatu ndi lakuti kodi kachilombo ndi namondwe tingazilekanitse. Pa chimfine cha mbalame cha H5N1, chimene chinagwira anthu 18 ku Hong Kong mu 1997 n'kupha asanu ndi mmodzi, kafukufuku wa ku Vietnam wa mu 2006 anapeza kuti omwalira anali ndi masaitokaini okwera komanso kachilombo kochuluka nthawi imodzi. Mliri wa chimfine wa 1918, umene unapha anthu pafupifupi 50 miliyoni, ambiri a zaka 20 mpaka 40, umatchulidwa kawirikawiri ngati chitsanzo cha namondwe, ndipo anyani amene anapatsidwa kachilombo kopangidwanso ka chaka chimenecho anaonetsadi kutupa kosalamulirika. Komabe zidutswa za mapapo a omwalira zimene zinasungidwa zimaonetsa kuti ambiri anali ndi chibayo cha mabakiteriya, pa nthawi imene mankhwala ake kunalibe.

Lomaliza ndi limene limavuta dokotala ali pambali pa bedi: kodi zimene zinathandiza pa Kovidi-19 zingathandizenso pa vairasi ina? Pa chimfine choopsa, kafukufuku wongoyang'ana zolembedwa za odwala wakhala akuonetsa imfa zambiri mwa olandira masiteroidi, koma n'kutheka kuti madokotala ankawapereka kwa odwalitsitsa, ndipo nkhaniyi ikuyesedwabe mwadongosolo. Pa dengi, mitsempha imadontha pa nthawi imene kutentha thupi kwangotsika, chapakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri, ndipo masaitokaini ali nawo pa zimenezi. Koma masiteroidi sanaonetse phindu lotsimikizika, ndipo chimene chimapulumutsa wodwala ndi madzi a m'diripi operekedwa moyezera bwino, ola ndi ola, kufikira mitsempha itatsekanso yokha pakatha tsiku limodzi kapena awiri.